Oda Yopanda Nambala, Katundu Satuluka

Awa ndi mawu amene ndinayankhula Lolemba m'mawa kwa anzanga ogwira nawo ntchito pa holoselo imene ndikugwirako ganyu chilembereni mayeso a Fomu 4. Linali tsiku loyamba kugwiritsa ntchito tabuleti polandira maoda. Ndinali nditawalemba m'kope usiku wake, ndiye ndangokonza apo ndi apo. Mitengo imene ili m'munsimu ndi yongophunzirira, si ya pashelefu.

Mwadzuka bwanji nonse? Madala a pageti, achimwene a kusitolo, achemwali a pakauntala, ndi inu anyamata onyamula katundu, zikomo pofika msanga. Ndikudziwa kuti pano wamng'ono ndine, ndipo ena mwa inu munayamba kugulitsa shuga ine ndisanayambe n'komwe Sitandade 1. Sindinaime pano kuti ndikuphunzitseni malonda ayi. Abwana anangonditumiza kuti ndikakhale masiku awiri ndi amene anatiikira makinawa, ndiye ndabwera kudzakuuzani zomwe ndinaona. Tili ndi mphindi makumi atatu tisanatsegule chitseko, choncho ndipita molunjika.

Mukukumbukira zomwe zinachitika kumapeto kwa mwezi watha. Titawerenga katundu, shuga anasowa, ndipo palibe amene anatha kunena kuti anapita kuti. Tinafufuza m'buku, tinafufuza timapepala ta m'matumba, mpaka tinatembenuza makatoni amene ena timalembapo oda tikasowa pepala. Mapeto ake tinakhala pansi tonse masana athunthu kumayang'anana ngati akuba, pomwe mwina palibe anaba. Oda ina inabwera pafoni ya achemwali, ina pafoni yanga, ina munthu anangokuwa ali pakhomo la sitolo kuti "ndipatseni awiri ndilipira kutsogoloko." Makinawa abwera chifukwa cha masana amene aja.

Ndiye ngati muiwale zonse zomwe ndinene, musaiwale ichi: kuyambira lero, oda iliyonse ili ndi nambala, ndipo katundu wopanda nambala satuluka pakhomo. Kaya wogula ndi m'bale wanu, kaya ndi kasitomala wa zaka khumi, kaya ndi abwana eniakewo atuma mwana kudzatenga sopo wa kunyumba. Zonse zina zomwe ndifotokoze ndi njira chabe yoti lamulo limeneli litheke.

Tiyeni tione kaye ulendo wa oda imodzi. Kasitomala akafika, kapena akaimba foni, oda imayambira pakauntala basi. Achemwali amalowa ndi nambala yawo yachinsinsi, n'kudina pomwe palembedwa `New Order`. Amalemba dzina la wogula, amasankha katundu mmodzimmodzi, kenako amadina `Save`. Pamenepo makina amapereka nambala, ndipo kapulinta aka kamatulutsa timapepala tiwiri tofanana. Kamodzi n'ka wogula, kena kamapita kusitolo. Ndalama zikalandiridwa, achemwali amadina `Paid`. Achimwene akalongedza katundu monga mwa kapepala, amasayina pakapepala kawo n'kutiuza, ife n'kudina `Packed`. Pageti, madala amafananiza kapepala ka wogula ndi katundu amene ali pangolo, amang'amba pakona kuti kasadzagwirenso ntchito kachiwiri, ndipo oda ija imatsekedwa ndi `Collected`. Ndi masitepe anayi okha: kulemba, kulipira, kulongedza, kutulutsa. Oda singadumphe sitepe. Mukaona katundu ali pangolo koma kapepala sikakuonetsa kuti ndalama zalowa, imani pomwepo mufunse.

Tsopano ndifike pamene ine ndinagwa pophunzira, chifukwa ndikudziwa kuti nanunso mugwa pomwepo. Ife pano timayankhula mwachidule. Kasitomala akati "shuga awiri," achimwene amangoyang'ana nkhope n'kudziwa ngati akunena mapaketi awiri kapena mabelo awiri. Makina sayang'ana nkhope. M'kati mwake shuga alimo kawiri: mzere wina ndi wa paketi ya kilogalamu imodzi, mzere wina ndi wa belo, ndipo belo limodzi muli mapaketi 20. Mizere iwiriyi yagundizana, ndipo chala chikaterereka pang'ono mwasankha wina.

Taonani zomwe zimachitika. Tinene kuti paketi ndi K3,000 ndipo belo ndi K58,000. Munthu akufuna mabelo awiri, amene ndi K116,000. Inu mwadina mzere wa paketi n'kulemba 2. Makina awerengera K6,000. Kusitolo, achimwene aona "shuga 2," ndipo pozolowera kuti mayi ameneyu amatenga mabelo, atulutsa mabelo awiri. Ndalama zomwe sizinalowe ndi K110,000. Komanso makina achotsa mapaketi awiri okha m'chiwerengero chawo, pomwe pakhomo patuluka mapaketi 40. Tsiku lowerenga katundu tidzapeza mapaketi 38 akusowa, n'kuyambanso kuyang'anana kuja. Ine ndinachita zimenezi tsiku loyamba la maphunziro, mwamwayi inali oda yongoyeserera.

Mankhwala ake ndi pakamwa. Musanadine `Save`, muwerengereni kasitomala oda yonse mokweza, kutchula chinthu, muyezo wake ndi kuchuluka kwake. Osati "shuga awiri" koma "shuga, mabelo awiri." Osati "mafuta asanu," chifukwa mawu amenewo akhoza kutanthauza chigubu chimodzi cha malita asanu kapena mabotolo asanu a lita imodzi. Nenani kuti "mafuta ophikira, chigubu cha malita asanu, chimodzi." Mazira ali ndi mzere wa thireyi, imene muli mazira 30, ndi mzere wa dzira limodzilimodzi. Zinthu za dazeni muli 12. Mukamaliza kuwerenga, yang'anani ndalama yonse pansi n'kudzifunsa ngati ikufanana ndi katundu wake. Apa m'pamene inu akale mumawaposa makinawa. Inu mumadziwa ndi mtima kuti mabelo awiri a shuga sangakhale K6,000. Makina sadabwa ndi chilichonse. Ndipo achimwene, kwa inu pempho langa ndi ili: tulutsani zomwe zalembedwa pakapepala, osati zomwe mukudziwa kuti munthuyo amatenga. Ngati kapepala kakuti mapaketi awiri koma inu mukuona kuti mayiyu wabwera ndi wakabaza, musakonze nokha. Bwezani kapepalako kukauntala.

Tiyeni tiyende ndi oda imodzi kuyambira poyamba mpaka pageti, kuti muone pomwe ingakhote. Tiyerekeze kuti 9 koloko m'mawa mayi wina wa okala waimba pafoni ya pashopu. Akufuna shuga mabelo awiri, mafuta a malita asanu zigubu zitatu, ndi mazira mathireyi anayi. Shuga uja tati ndi K116,000. Chigubu cha mafuta tinene kuti ndi K22,000, ndiye zitatu ndi K66,000. Thireyi ya mazira tinene K11,000, ndiye anayi ndi K44,000. Zonse pamodzi K226,000. Achemwali amuwerengera pafoni pomwepo, mayi uja wavomera, adina `Save`, ndipo makina apereka nambala 0012. Nambala imeneyi muuzeni mayiyo asanadule foni, chifukwa wakabaza amene amutume adzafika pano osadziwa china chilichonse. Akadzati "ndabwera kudzatenga katundu wa amayi aja," inu mudzafunse nambala. Amayi aja alipo ambiri, koma 0012 ndi imodzi yokha.

Mayi uja akuti atumiza K200,000 pafoni, yotsalayo wakabaza abweretsa pamanja. Zimenezi n'zololedwa. Makina amalandira ndalama ya magawo awiri, koma gawo lililonse limalembedwa palokha ndi njira yake: ya pafoni payokha, ya pamanja payokha. Ndalama ya pafoni ikalowa, mulembe K200,000, ndipo kapepala kaonetsa kuti kwatsala K26,000. Oda imeneyi sinafike pa `Paid` mpaka yotsalayo italandiridwa.

Tsopano kapepala kafika kusitolo. Achimwene apeza kuti mathireyi alipodi anayi monga makina akunenera, koma imodzi inaphwanyika pansi pa zinzake, mazira ake sangagulitsidwe. Otuluka ndi atatu. Kale tikanatani? Tikanatenga cholembera, kufufuta 4 n'kulemba 3, kumuuza wakabaza kuti achotse ya thireyi imodzi, nkhani n'kutha. Lero mukatero mwamutchera msampha mnzanu wa pakauntala. Taonani: wakabaza apereka K15,000 m'malo mwa K26,000, zomwe n'zoona ndithu chifukwa mazira achepa. Koma makina sanaone cholembera chanu. Iwo akudikirabe K226,000 pa oda 0012, pomwe zalowa ndi K215,000. Madzulo potseka, achemwali apezeka kuti aperewera K11,000, ndalama imene sanaigwire n'komwe.

Njira yake ndi iyi. Achimwene abweze kapepala kukauntala. Achemwali amuimbire mayi uja kumuuza kuti mazira alipo mathireyi atatu, avomere kaye. Akavomera, atsegule oda 0012 yomweyo, asinthe 4 kukhala 3, ndipo ndalama yonse itsika kufika pa K215,000, yotsala K15,000. Atulutse timapepala tatsopano, takale tija alembepo mzere wodutsa n'kutibaya pamsomali wa pakauntala, osataya. Thireyi yophwanyika ija ili ndi polemba pake, pa katundu woonongeka, ndipo amene amalemba pamenepo ndi abwana kapena wowaimira ataiona ndi maso. Zikatero, makina ndi shelefu zikunena chimodzi: atatu agulitsidwa, imodzi yaonongeka, palibe yotsala. Zonsezi sizitenga mphindi zitatu. Pakapepala ka makina, cholembera chimaloledwa kusayina ndi kudula mzere basi, osati kusintha manambala.

Ndibwerere pa ndalama ya pafoni, chifukwa apa m'pamene mashopu ambiri amalira. Tikulandira kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo zonse zimalowa pafoni imodzi iyi ya pashopu. Foni yanu musalandirirepo ndalama ya kasitomala, ngakhale atakuchondererani bwanji. Umboni woti ndalama yalowa uli pafoni yathu, osati pa ya wogula. Munthu akakuonetsani uthenga pafoni yake, kapena chithunzi cha uthenga, muthokozeni mwaulemu koma muyang'ane yathu. Pali anthu amene amalemba okha uthenga wofanana ndendende ndi wa kampani n'kuutumiza kuchokera pa nambala wamba. Ndiye yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, uthengawo wachokera kuti: uli pamodzi ndi mauthenga ena onse a kampani, kapena wabwera pawokha ndi nambala ya munthu? Chachiwiri, ndalama yotsala pa akaunti yakweradi ndi kuchuluka kumeneko? Mukakayika, funsani balansi pafonipo, musadalire zolembedwa mu uthengawo. Chachitatu, uthenga weniweni umakhala ndi nambala yake ya kutumizako, ya zilembo ndi manambala. Imeneyo muikopere m'bokosi lolembedwa `Reference` pa oda. Phindu lake n'loti uthenga umodzi sungalipire maoda awiri: munthu akabwera masana ndi uthenga wa m'mawa womwewo, tiona kuti nambala imeneyo inagwira kale ntchito.

Netiweki ikavuta uthenga n'kuchedwa, katundu adikire. Mpatseni munthu mpando, muuzeni kuti si kumukayikira koma ndi lamulo la pashopu. Ndipo wina akaimba kuti "ndatumiza ndalama molakwika pa nambala yanuyo, ndibwezereni," inu musabweze kanthu. Nkhani imeneyo ndi ya abwana.

Tsopano za nambala yachinsinsi. Aliyense wa ife amene agwire tabuleti wapatsidwa yake ya manambala anayi. Chilichonse chimene chachitika pa tabuleti chimalembedwa ndi dzina la amene analowa, pamodzi ndi nthawi yake. Ichi n'chabwino kwa inu, chifukwa cholakwa cha wina sichigwera gulu lonse ngati kale. Koma chili ndi mbali inanso. Mukapita kukadya nsima osatuluka m'makina, wina n'kudzalemba oda pamenepo, dzina limene lioneke ndi lanu, ndipo mudzavutika kukana. Choncho mukamachoka, ngakhale kupita kuseri kwa mphindi ziwiri, dinani `Log out`. Nambala yanu musauze mnzanu, musailembe pakhoma, ndipo ngakhale ine ndikakupemphani, mundikanize.

Pali tizinthu tiwiri ta makina timene tikusokonezeni sabata ino, ndiye ndikuuzirenitu. Koyamba ndi kudina kawiri. Nthawi zina mukadina `Save`, tabuleti imaganiza kaye, kachizindikiro kamazungulira, ndipo mtima umafuna kudinanso. Pophunzira paja ndinadina kawiri, panatuluka maoda awiri. Mudzazindikira chifukwa pamndandanda pamaoneka manambala awiri otsatizana, monga 0020 ndi 0021, dzina limodzi, ndalama yofanana, mphindi yomweyo. Choopsa chake n'choti timapepala tonse tikapita kusitolo, katundu alongedzedwa kawiri pa ndalama imodzi. Ndiye dinani kamodzi, werengani chamumtima mpaka khumi, muone ngati nambala yatuluka. Zikachitika kuti zabwereza, musabise ndipo musang'ambe kapepala. Oda yachiwiriyo imafafanizidwa ndi `Cancel`, mulembe chifukwa chake, ndipo abwana amavomereza ndi nambala yawo. Oda yofafanizidwa siichoka pamndandanda, imangooneka kuti inafafanizidwa. Zili dala choncho kuti manambala asadumphe. Pakati pa 0019 ndi 0022 payenera kuoneka 0020 ndi 0021, zamoyo kapena zakufa.

Kachiwiri ndi kapulinta. Kameneka sikagwiritsa ntchito inki. Kamalemba ndi kutentha, ndipo pepala lake limagwira mbali imodzi yokha. Mukaika mpukutu chozondotsa, pepala lituluka loyera mbee, inu n'kumati makina afa. Musanaike, kandani pepala ndi chikhadabo mwamphamvu: mbali imene yatuluka kamzere kakuda ndi imene imalembeka, ndipo ndi imene iyang'ane pomwe pamatentha. Ndikuonetsani tikatha pano. Dziwaninso kuti zolembedwa papepala limeneli zimafufutika likakhala padzuwa kapena pamalo otentha. Madala, timapepala tanu musatiike pawindo, tiikeni m'kabokosi kamene ndabweretsa aka. Anyamata, musatisunge m'thumba la malaya tsiku lonse ndi thukuta. Ndipo kasitomala wofuna kusunga umboni kwa miyezi, muuzeni ajambule kapepalako ndi foni yake.

Funso limene madala anandifunsa Loweruka n'loti, nanga magetsi akazima? Tabuleti ndi kapulinta zili ndi mabatire, ndiye zikhoza kutipirira kwa maola angapo ngati tinazitchaja usiku. Wotseka shopu ndiye wotchaja, ndipo lero ndine. Koma tsiku lina zidzatithera ndithu, ndipo tsiku limenelo lamulo lija silisintha. Tili ndi buku ili la makaboni, masamba ake ndawalemba kale manambala oyamba ndi B: B1, B2, B3, mpaka kumapeto. Makina akazima, oda imalembedwa m'bukumu ndi miyezo yake yonse monga ndanenera, tsamba lapamwamba kwa wogula, lachiwiri kusitolo, lachitatu litsale m'buku. Magetsi akabwera, amene analemba m'buku ndi yemweyo alowetse maoda aja m'makina, tsiku lomwelo, ndipo patsamba lililonse alembe nambala imene makina apereka.

Apa pali dzenje limodzi. Polowetsa maoda a m'buku, kapulinta katulutsanso timapepala ngati kuti ndi maoda atsopano. Kapepala koteroko kakangofika kusitolo, achimwene alongedzanso katundu amene anatuluka kale masana. Choncho timapepala timeneti sitichoka pakauntala. Tidulidwe mzere, timatidwe ndi sitepula patsamba lake la m'buku, ndipo oda iliyonse itsekedwe mpaka pa `Collected` nthawi yomweyo.

Ndinene mosabisa zomwe makinawa sangachite, kuopa kuti tingawakhulupirire mopitirira. Saona pashelefu. Amangodziwa chiwerengero chimene tinawapatsa dzulo titawerenga katundu yense, n'kumachotsapo zomwe tagulitsa ndi kuonjezera zomwe talandira. Lole ikabwera ndi mabelo 50 ife osawalowetsa, makina azinena kuti shuga watha pomwe sitolo yadzaza. Ndiye katundu wobwera awerengedwe potsitsa, afananizidwe ndi pepala la dalaivala, alowetsedwe asanagulitsidwe ngakhale paketi imodzi. Ndipo mukaona makina akuti zigubu zilipo 10 koma maso anu akuona 8, nenani tsiku lomwelo. Kusiyana kwa tsiku limodzi timatha kukufufuza, chifukwa maoda a tsiku limodzi ndi owerengeka. Kusiyana kwa mwezi wathunthu ndi kuja kunatikhazika pansi masana onse.

Madzulo tikatseka chitseko, tizichita zinthu zitatu tisanapite kwathu. Tiziwerenga timapepala ta kusitolo n'kuona ngati tikufanana ndi chiwerengero cha maoda amene makina akuti alongedzedwa. Tiziwerenga ndalama ya m'kabati n'kufananiza ndi ya pamanja imene makina akunena, kenako ya pafoni payokha. Pomaliza tiziyang'ana maoda amene sanafike pa `Collected`: katundu wake ayenera kukhala ali pakona paja, kapepala kake katamatidwa pamwamba. Ngati oda ili yotsegula koma katundu palibe, ndiye kuti china chatuluka osadutsa pageti. Masiku oyambawa zimenezi zititengera nthawi, mwina theka la ola. Ndapempha abwana kuti sabata ino tizitseka chitseko mofulumirirako kuti tisamafike kunyumba usiku, ndipo avomera.

Za maoda a sabata yatha amene sanatengedwe, alipo asanu ndi awiri m'buku lakale. Amenewo timalizire m'buku lakale lomwelo, musawalowetse m'makina, chifukwa katundu wake tinamupatula kale ndipo sanawerengedwe nawo dzulo. Ngongole zakale nazonso zikhale kwa abwana. M'makina mukulowa za lero kupita m'tsogolo basi.

Lero mzere uyenda pang'onopang'ono, ndipo ena adandaula. Padzapezeka kasitomala wakale amene anene kuti "iwe, ine undilembe kapepala ngati mlendo?" Musakangane naye, ndiponso musamutsegulire njira yachidule. Muuzeni kuti kapepalako n'kake, kuti tsiku lina katundu akadzaperewera adzakhale ndi pogwira. Mukangolola mmodzi kudutsa wopanda nambala, mawa adzabwera ndi mnzake, ndipo pofika Lachisanu tabwerera ku makatoni aja.

Abwana anena kuti sabata ino cholakwa chimene munthu wanena yekha tsiku lomwelo sichikhala mlandu. Ndiye mukalakwitsa, ingokwezani dzanja. Ine ndikhala pambali pa achemwali mpaka 12 koloko, masana ndikhala kusitolo. Mukandifunsa chinthu chimodzi kasanu, ndiyankha kasanu, chifukwa inunso munandipirira pamene sindinkadziwa kusiyanitsa thumba la ufa wa buledi ndi la mpunga.

Kwatsala mphindi khumi. Tiyeni aliyense ayeserere oda imodzi tisanatsegule. Achemwali, yambani inu. Madala akhale kasitomala, ndipo madala, muwavutitse ndithu, muziti "shuga awiri" osanena zambiri, tione ngati akufunseni kuti mapaketi kapena mabelo. Achimwene, bwerani kuno ndikuonetseni kaikidwe ka pepala m'kapulinta.